Kamtunda ka pa mamita 1,200

Ndakanika kugona, nkhani ya masana ikundizungulirabe m'mutu. Tinakumana ku Luwinga ndi akapitawo a ntchito ya madzi yomwe tikukonza m'mudzi wina kunja kwa tauni, iwo atagwira kale pepala la mitengo ya mapaipi a mamilimita 63. Paipiyo itenga madzi kuthanki yam'phiri kupita kuthanki yakumudzi, kudutsa pamwamba pa kamtunda kena.

"Mwanawe, kamtunda kaja kali m'munsi mwa thanki ndi mamita 20. Madzi akanika bwanji kudutsa?"

Sakunama. Thanki yam'phiri ili pa mamita 1,400 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, paipi pamwamba pa kamtundako idzakhala pa 1,380. Koma mamita 20 amenewo ndi a madzi ongokhala, valavu yakumunsi itatsekedwa. Akayamba kuyenda, mphamvu yake imadyeka pokhulana ndi paipi.

Ndinayala pulani pa boneti ya galimoto, kamvula kakuwaza, n'kujambula mzere womwe pa pulani timaulemba kuti HGL. Umasonyeza pomwe madzi angafike mutaimika kapaipi kotsegula pamalo aliwonse. Thanki yakumudzi ili pa 1,340, kutalika kwa paipi pakati pa matanki awiriwa ndi mamita 3,000. Paipi ikakhala saizi imodzi, mzerewo umawongoka kuchoka pa 1,400 kukafika pa 1,340, kutsika mamita 20 pa kilomita iliyonse. Kamtunda kali pa mamita 1,200 kuchokera kuthanki, ndiye kuti pamenepo tataya mamita 24, mzere uli pa 1,376. Paipi ili pamwamba pa mzere ndi mamita 4.

Pamenepo paipi sikankha madzi, imayamwa. Pomwe palumikizidwa mosalimba sipadontha, m'malo mwake pamalowa madzi amatope a m'ngalande, ndipo ndi mvula ya kuno mukudziwa. Ichi ndicho chikundiwawa, chifukwa palibe amaona, nthaka imakhala youma bwinobwino pomwe ana akumwa zoipa. Mpweya nawo umatuluka m'madzi n'kuunjikana pamwambapo, mpopi n'kumatsokomola, madzi kumachepa. Kuyamwaku kuli ndi polekezera: kunyanja yamchere ndi mamita 10 ndi pang'ono, kumtunda kuno sakwana 9, ndipo mavuto amayamba tisanafikeko.

"Tiikapo valavu yotulutsa mpweya basi," anatero.

"Bambo, pamalo poyamwa valavu imeneyo ilowetsa mpweya, siitulutsa."

Anangoti duu, n'kuvula magalasi. Ndimawalemekeza kwambiri, anayamba kuyala mapaipi ine ndisanabadwe, ndipo kuwatsutsa pamaso pa anyamata awo kunandilemera.

Maganizo anga ndi oti tiike paipi ya mamilimita 90 kuchokera kuthanki mpaka pakamtunda, ya 63 iyambire pamenepo. Ndawerengera, titaya mamita pafupifupi 6 okha, mzere udutsa cha pa 1,394, mamita 14 pamwamba pa paipi. Apo ayi tizungulire kamtundako, koma kumeneko kuli minda ya anthu, nkhani ikafika kwa amfumu.

Iwo akuti ndalama ya mamita 1,200 a paipi yaikulu palibe, komiti inavomereza kale bajeti. Akuti andiimbira akalankhula ndi apampando. Mpaka pano foni ili zii, ndipo sindikudziwa ngati mapaipi aja agula kale kapena ayi.