Nshawa 20 pa thandala la azakhali

Sabata ino ndinali kulimbana ndi chiganizo chimodzi chokha. Chinachokera mu kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia: ana osakwana zaka zisanu opinimbira anali 40 peresenti mu 2013-14, ndipo mu 2018 anali 35 peresenti. Ndinafuna kuchilemba moti azakhali anga, amene amagulitsa nshawa ku msika wa Kapata, amve kamodzi n'kamodzi.

Poyamba ndinalemba kuti kupinimbira kwatsika ndi 5 peresenti. N'zolakwika, ngakhale ambiri amalemba choncho. Pa 40, 5 peresenti ndi 2 basi, ndiye tikanafika pa 38, osati 35. Chimene chinachitika n'chakuti pa ana 100 alionse, opinimbira anachepa ndi asanu. Koma 100 ndi gulu lalikulu, munthu saliona m'maso.

Ndinachepetsa manambala onse awiri mpaka pa 20. Loweruka ndinawerenga nshawa 20 pa thandala, n'kukankhira 8 pambali. “Azakhali, kale pa ana 20, opinimbira anali awa.” Kenako ndinabweza imodzi, zinatsala 7.

Anayang'ana nshawa yobwezedwayo. “Ndiye mwana ameneyu anamupatsa chani kuti achire?”

Apa ndi pamene ndinaona kuti nshawa zanga zanama. Pobweza imodzi ndinaonetsa ngati ndi ana omwewo, pomwe ambiri amene anayezedwa mu 2018 anali asanabadwe n'komwe pa kafukufuku woyamba. Anafunika kukhala magulu awiri. Ndinayalanso milu iwiri, uliwonse wa 20, wakale kumanzere, watsopano kumanja.

Mawu akuti kupinimbira nawonso anavuta. Azakhali ankaganiza za mwana woonda, wa nthiti zoonekera. Kumeneko n'kwina, ndipo mu 2018 oonda kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwawo anali pafupifupi 4 pa 100. Wopinimbira ndi wamfupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zake, ndipo akhoza kuoneka wonenepa bwinobwino. Sadziwika pomupachika pa sikelo, amadziwika pa thabwa loyezera kutalika.

Ndinaonjezanso “pafupifupi”, chifukwa sanayeze mwana aliyense, anayeza a m'makomo osankhidwa. Chomwe chinachepetsa chiwerengerocho sindinachilembe, pakuti manambala awiriwa sanena chifukwa.

Chiganizocho tsopano chili motere: “Mu 2013-14, pa ana 20 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia, pafupifupi 8 anali aafupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zawo. Pa ana amene anayezedwa mu 2018, anali pafupifupi 7.”

Nditawerenga, azakhali anati, “Mmodzi yekha? Zaka zonsezi?” Ndipo ili ndi vuto latsopano: pa 20 kusinthaku kukuoneka kochepa, pomwe pa ana 1,000 ndi ana 50. Loweruka likubwerali ndiyesa kuika chiganizo cha 1,000 pambuyo pa cha 20. Nshawa 40 zija anandilipiritsa.