Kamera imodzi, ndi mmene timabisira podula

Situdiyo yathu ili ku Katoto, muno mu Mzuzu, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi kujambula munthu mmodzi atakhala pampando akufotokoza za malonda ake kapena za bungwe lake. Kamera tili nayo imodzi. Munthu akaphonya mawu tilibe chithunzi chachiwiri chothawirako, choncho luso lonse limagona pa kudula mosaonekera.

Ntchitoyi imayambira pojambula pomwepo. Wolankhula timamuuza kuti akalakwitsa asangokonza liwu limodzi lokha, koma akhale chete masekondi 2, kenako ayambirenso chiganizo chonse. Chifukwa chake chili m'kayankhulidwe kathu. Mawu amatsika ndi kukokeka kumapeto kwa chiganizo, ndiye mukalumikiza theka la chiganizo china ndi theka la chinzake, khutu limamva msoko ngakhale diso lisaone kanthu. Tikamaliza timajambulanso masekondi 30 aliyense ali duu, kuti tikhale ndi phokoso la chipindacho lotsekera mipata.

Tiyerekeze mayi wogulitsa uchi wanena kuti, "Uchi wathu timausefa kawiri, pepani, katatu, kenako timauthira m'mabotolo." Tikamupempha amabwereza bwino. Pakompyuta timayamba ndi mawu, chithunzi pambuyo. Timadula pamene mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu waphwa, chiganizo chatsopano chisanayambe, koma mpweya umene mayiyo wakoka timausiya, chifukwa munthu wolankhula osapuma amamveka ngati makina. Pamsokopo timasakaniza mawu a mbali ziwirizo kwa mafelemu 2 mpaka 4, mwa mafelemu 25 a sekondi imodzi, kuti pasamveke kakuthetheka.

Tsopano mawu ali bwino, koma mutu wa mayiyo wadumpha. Apa pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kuphimba. Chithunzi cha uchi ukutsika pasefa timachiika pa V2, mzere wachiwiri wa zithunzi pakompyuta, pamwamba pa nkhope yomwe ili pa V1, mzere woyamba, mawu n'kumapitirira pansi. Chimayamba pafupifupi theka la sekondi msoko usanafike, ndipo chimakhala masekondi osachepera 3. Chikafupika kuposa apo chimangophethira, ndipo woonera amadziwa kuti pabisidwa kanthu. Chiyeneranso kugwirizana ndi zimene zikunenedwa nthawi yomweyo. Mayi akunena za kusefa inu n'kuonetsa ming'oma ya njuchi, maganizo a woonera amachoka pa mawu. Ndiye tsiku lojambula sitichoka tisanatenge zophimbira zokwanira: manja akutsegula botolo, sefa, chizindikiro cha pabotolo, chilichonse masekondi 10 kamera itakhazikika, chapafupi ndi chapatali. Manja ndi abwino kwambiri chifukwa pakamwa sipaoneka, koma malaya ndi chibangili zikhale zomwe zija za pampando. Ife timaikanso zophimbira pena pamene palibe cholakwa chilichonse, kuti zisamangotulukira pamisoko pokha.

Yachiwiri ndi kulola chithunzi chidumphe, koma chidumphe ngati mwadala. Timajambula mu 4K n'kutulutsa mu 1080p. Poti m'lifupi 4K ili ndi timadontho 3840, kawiri timadontho 1920 ta 1080p, tikhoza kukuza chithunzi mpaka kawiri osataya kuthwa kwake. Mu DaVinci Resolve, pulogalamu yodulira mafilimu, chidutswa chotsatira msoko timachikweza Zoom kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.3, kenako timachisuntha kuti maso akhale pamzere womwe anali. Kukuza pang'ono, monga 1.05, n'koipa kuposa kusakuza konse, chifukwa kumaoneka ngati wina wagunda kamera. Mukajambula mu 1080p njirayi imachepa mphamvu, nkhope imayamba kufuwa msanga. Palinso Smooth Cut, yomwe imasungunula nkhope ziwirizo kukhala imodzi, koma imathandiza pokhapokha mutu utasuntha pang'ono ndipo manja ali pansi. Dzanja likakhala m'mwamba zala zimapindika moonekeratu.

Chimene chimaulula misoko kwambiri kuno ndi nyengo. Mitambo ya Mzuzu imatseka dzuwa ndi kulitsegula m'mphindi zochepa, ndipo mukadalira kuwala kwa pawindo, mbali imodzi ya msoko imawala pamene inayo yada. Timatseka makatani, timayatsa nyali zathu, ndipo kuwala ndi mtundu timazikhoma pa Manual kuti kamera isamasinthe yokha. Mvula pamalata nayo siphimbika. Ikayamba pakati pa kujambula timadikira, chifukwa phokoso lake limadumpha pa msoko uliwonse ndipo palibe chithunzi cha uchi chimene chingabise zimenezo.

Pali malire amodzi amene timasunga. Timachotsa chibwibwi, chifuwa ndi mawu ophonya, koma sitilumikiza ziganizo kuti munthu anene zimene sananene. Ngati nambala yolondola sinatuluke m'kamwa mwake tsikulo, timabwerera kukamujambula mawu okha ndi maikolofoni yomwe ija, m'chipinda chomwe chija, n'kuwaika pansi pa chithunzi chophimbira.