Mmene ndinagwirizanitsira apu ya maulendo ndi odomita ya galimoto yanga

Ntchito yanga ndi yokonza makina kwa makasitomala, ndipo galimoto imene ndimayendera pa ntchitoyi ndi yomweyo imene ndimayendera ndi banja. Kumapeto kwa mwezi, wowerengera ndalama za bizinesi amafuna kudziwa makilomita amene anali a ntchito ndi mafuta amene anathera kumeneko. Kale ndinkalemba m'kabuku, koma masiku otanganidwa kabukuko kankangogona pansi pa mpando. N'chifukwa chake ndinaika apu yolemba maulendo ndi mafuta pafoni. Mwezi woyamba unandisonyeza kuti apu payokha siikwanira. Nambala zake zimafunika kuziyerekeza ndi odomita, ija imawerenga makilomita padashibodi.

Tsiku loyamba ndinapita kukadzaza thanki mpaka pampu inadula yokha. Ndisanalize galimoto ndinajambula odomita, imene inali pa 84,210, ndi kulowetsa nambalayo mu apu ngati poyambira. Malita a tsiku limenelo salowa m'masamu ayi. Ntchito yawo ndi kungofikitsa thanki pamlingo wodziwika, kuti ndikadzadzazanso, malita amene alowe adzakhale ofanana ndi amene galimoto yamwa pakatipo.

Kenako ndinakonza za maulendo. Apu imagwiritsa ntchito GPS kuzindikira kuti galimoto yanyamuka komanso kuti yaima, ndiye imapempha chilolezo choona pamene foni ili. Pafoni ya Android ndinasankha "Allow all the time", chifukwa ndikanasankha kuti izingoona ndikaitsegula, maulendo oyamba foni ili m'thumba sakanalembedwa. Madzulo aliwonse ndinkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kusiyanitsa maulendo a tsikulo, uwu wa ntchito, uwu wanga. Pa ulendo wa ntchito ndinkalemba kumene ndinapita ndi chimene ndinakachita, mwachitsanzo "kukasintha mota ya makina a kasitomala". Mawu ochepawa ndi amene amateteza munthu akafunsidwa. Mzere wojambulidwa pamapu umasonyeza kuti galimoto inayenda, koma sunena chimene inayendera, ndipo pakapita milungu itatu ngakhale mwini wake sakumbukira.

Vuto loyamba linatulukira pa mafuta. Odomita ili pa 84,600 ndinathira malita 20 okha chifukwa ndinali pachangu, ndipo polemba sindinachotse kachizindikiro konena kuti thanki yadzaza. Apu inagawa makilomita 390 ndi malita 20, n'kundiuza kuti galimoto ikuyenda makilomita 19.5 pa lita imodzi. Ndinasangalala, koma mtima unkakana, chifukwa galimoto yanga sinachitepo zimenezo. Nditadzaza thanki pa 84,990 munalowa malita 40, ndipo apu inatsika mpaka 9.75. Apa ndiye ndinayamba kuganiza kuti injini yavuta kapena mafuta akudontha.

Galimoto inalibe vuto lililonse. Nambala ikakwera modabwitsa kenako n'kugwa modabwitsa pa kuthira kotsatira, dziwani kuti kuthira kwapang'ono kwalembedwa ngati kodzaza. Nditabwerera n'kukonza, apu inadikira mpaka thanki itadzaza n'kuwerengera zonse pamodzi. Kuchoka pa 84,210 kufika pa 84,990 ndi makilomita 780, ndipo malita ndi 20 kuphatikiza 40, amene ndi 60. Kugawa 780 ndi 60 kumapereka makilomita 13 pa lita, ndipo imeneyi ndiyo inali nambala yoona. Palinso cholakwika china chofanana nacho, chothira mafuta n'kuiwala kulemba. Pamenepo nambala imakwera kamodzi osagwa pambuyo pake, chifukwa makilomita alipo koma malita ena asowa. Kuyambira nthawi imeneyo sindichoka pa pampu ndisanalembe odomita, malita, ndi kujambula lisiti. Malisiti ambiri amafufutika zilembo akakhalitsa m'galimoto yotentha, choncho chithunzi ndi chimene chimatsala.

Vuto lachiwiri ndinaligwira pa tsiku lomaliza la mwezi, ndipo likanandidutsa ndikanangodalira apu. Odomita inali pa 85,710, kutanthauza kuti galimoto inayenda makilomita 1,500 mwezi wonse. Koma maulendo onse a mu apu ataphatikizidwa anali 1,290 okha, 900 a ntchito ndi 390 anga. Makilomita 210 anali atasowa.

Ndinatsegula buku la maoda n'kuyamba kufananiza tsiku ndi tsiku. Lachinayi lina ndinapita kwa kasitomala wakutali, ulendo wa makilomita 90 kupita ndi 90 kubwera, koma apu inalemba makilomita 15 oyambirira basi, kenako mzere pamapu unathera panjira ngati galimoto inaima pamenepo tsiku lonse. Tsiku limenelo batire linali lochepa, ndipo foni inazimitsa apu mwakachetechete pofuna kusunga moto. Panalibe uthenga uliwonse wondichenjeza. Ndinalowa m'makonzedwe a batire a apuyo n'kusankha "Unrestricted", ndipo tsopano ndikakhala pa ulendo wautali foni imakhala pa chaja. Makilomita 165 osowawo ndinawalowetsa pamanja, ndi kulembapo kuti ulendowu ndaulemba mochedwa, umboni wake ndi oda ya tsiku limenelo. Ndimaona kuti n'kwabwino kunena poyera kuti mzere wina unawonjezedwa pambuyo, kusiyana n'kuupanga kuoneka ngati unalembedwa pa tsikulo.

Panatsala makilomita 45, amene ndi 3 pa 100 aliwonse a mwezi wonse. Amenewa sindinawasake. GPS imachedwa pang'ono kuzindikira kuti galimoto yanyamuka, imadula makona pokhota, ndipo timaulendo tating'ono kwambiri nthawi zina siitigwira. Nayo odomita imatha kusiyana pang'ono malinga ndi kukula kwa matayala ndi kutha kwawo. Kusiyana kochepa chotere, kobwerabwera mwezi uliwonse, sikundidetsa nkhawa. Kukafika pa 10 pa 100 aliwonse, ndimadziwa kuti pali ulendo umene wasowa. Makilomita 45 amenewo sindinawaike ku ntchito, chifukwa ndinalibe chosonyeza kuti anali a ntchito.

Motero makilomita a ntchito anakhala 1,065. Kuwagawa ndi 13 kunapereka malita pafupifupi 82, ndipo amenewa ndiwo mafuta amene bizinesi inamwa mwezi umenewo. Chinthu chimodzi chimene apu singakuuzeni ndi lamulo la kumene mumakhala kapena la abwana anu. Malo ena amabweza ndalama potengera mtengo woikika pa kilomita iliyonse, ena amatengera mafuta enieni ndi malisiti, ndipo m'mayiko ambiri ulendo wochoka kunyumba kupita pamalo amene umagwira ntchito tsiku ndi tsiku suwerengedwa ngati wa bizinesi. Ine ndinafunsa wowerengera ndalama ndisanatumize lipoti loyamba, ndipo maulendo amtundu umenewo ndinkawaika kale kumbali yanga.

Pomaliza ndinatulutsa mu apu fayilo ya CSV, imene imatseguka ngati tebulo pakompyuta, yokhala ndi tsiku, kochokera, kopita, makilomita ndi cholinga cha ulendo uliwonse. Ndinaitumiza pa imelo pamodzi ndi zithunzi za malisiti komanso zithunzi ziwiri za odomita, cha 84,210 ndi cha 85,710, ndipo kope lina ndinalisunga kunja kwa foni kuti foni ikadzatayika zolembazo zisapite nayo. Mwezi wachiwiri kusiyana kwa apu ndi odomita kunali makilomita 40 okha, ndipo kufananiza konse kunanditengera mphindi zosakwana khumi.