Zimene Ndaphunzira pa Kukonza ndi Kufufuta Uthenga Umene Wafalikira Kale

Pa zimene ndakhala ndikuphunzira zokhudza kayendedwe ka mauthenga pa masamba a mchezo, mfundo imene yandikhala kwambiri m'maganizo ndi yakuti kukonza uthenga pa Facebook sikubisa mawu oyamba aja. Mwini wake akasintha zimene analemba, aliyense wololedwa kuona uthengawo angathe kudina timadontho titatu ta pakona n'kusankha View edit history, ndipo pamenepo amawerenga mawu akale pamodzi ndi atsopano.

Chifukwa chake chagona pa mmene Share imagwirira ntchito. Wofalitsa uthenga satenga mawuwo kukhala akeake, koma amangoonetsa pa tsamba lake uthenga woyamba womwe uja, choncho mwini wake akasintha, mawuwo amasinthanso kwa onse amene anaufalitsa. Pakanapanda mbiri imeneyi, wina akanatha kulemba pempho la thandizo la wodwala, anthu n'kulifalitsa mwachifundo, kenako iye n'kulisandutsa mawu onyoza, ndipo onsewo akanaoneka ngati akugwirizana nawo popanda umboni wowayeretsa.

Tiyerekeze kuti wachibale walengeza maliro, ndipo walemba kuti mwambo woika m'manda udzachitika Lachitatu pamene zoona zake ndi Lachinayi. Apa ine ndikuona kuti kukonza ndiko koyenera, makamaka ngati pamwamba penipeni alembapo kuti tsiku lasintha, pakuti ambiri sabwereranso kukawerenga uthenga wonse. Akaufufuta, onse amene anaufalitsa amatsala ndi kabokosi kongonena kuti uthengawo sukupezeka, mawu opepesa amene anthu analemba pansi pake amapita nawo limodzi, pomwe tsiku lolakwika lija likadali m'mitu mwa amene anawerenga kale.

Nkhaniyo imatembenuka ngati cholakwikacho chili chakuti waikamo nambala ya foni ya namfedwa popanda chilolezo chake. Kuichotsa pokonza sikuthandiza, chifukwa nambalayo imakhalabe m'mbiri ija. Pamenepa njira ndi kufufuta uthenga wonse n'kulemba wina. Posankha Move to trash, uthengawo umaleka kuoneka kwa anthu nthawi yomweyo, ngakhale kuti umasungidwa masiku 30 mwina mwini wake angafune kuubwezeretsa.

Kufufutako nako kuli ndi malire, popeza sikufika m'foni ya munthu amene anajambula uthengawo n'kuutumiza m'magulu a WhatsApp. Kumeneko malamulo ndi ena: uthenga umakonzeka pasanathe mphindi 15 chiutumizireni, pamaoneka mawu akuti Edited koma mawu akale saoneka, ndipo zimene ena anatumiza kale kwina ndi Forward sizisintha, motero wolengeza maliro uja ayenera kutumiza uthenga wokonza m'gulu lililonse limene akudziwa kuti woyamba unafikamo.