Kalata yopempha thandizo la mpikisano wa bawo: pomwe ndafika

Sabata yathayi nkhomo sindinazigwire n'komwe. Anzanga a pansi pa mtengo wa mango kuno ku Chinamwali akumenyana mitaji, ine ndili pakona ndi kope ndi cholembera, chifukwa ndine amene anandisankha kukhala mlembi wa kagulu kathu. Tinagwirizana kuti pa 6 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, tichititse mpikisano wa bawo wa anthu 32. Mabawo tili nawo anayi okha, limodzi losweka m'mbali, ndipo m'thumba mwa gulu muli ndalama zosakwana n'komwe kubwereka tenti ndi zokuzira mawu.

Kalata yoyamba ndinailemba kumayambiriro kwa Meyi ndipo inafera m'njira. Ndinaipititsa ku kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba mumzinda wa Zomba, n'kuisiya kwa mlonda pachipata. Patatha masabata awiri ndinakafunsa, mayi wa pa ofesi yolandirira alendo anaifukula pansi pa mulu wa mapepala, ikadali yomata. Anaitsegula ine ndili pomwepo, anawerenga, kenako anandiyang'ana. "Achimwene, ndiye mukufuna zingati?" Ndinasowa choyankha. M'kalatamo ndinadandaula za umphawi wa achinyamata ndime ziwiri zathunthu, n'kumaliza ndi mawu oti "chilichonse chomwe mungatithandize tidzayamika." Panalibe chiwerengero cha ndalama, panalibe tsiku lomwe tikufuna yankho, ngakhale nambala ya foni ndinaiwala. Mayiwo anandichitira chifundo, anandiuza kuti makalata otere amawaona ndi bwana woyang'anira zamalonda, osati mwini kampani, ndipo bwanayo sawerenga kalata yopitirira tsamba limodzi.

Ndiye ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinayamba ndi masamu, kalata pambuyo. Anthu 32 akamachotsana mmodzimmodzi, masewero onse amakwana 31, ndipo 16 mwa amenewa ndi a chigawo choyamba. Ndi mabawo anayi dzuwa lingatilowere tisanafike pa ndime yomaliza, poti bawo la akatswiri silithamanga, munthu amatha kuwerengera maenje mphindi zingapo asanatakate. Tikakhala ndi mabawo asanu ndi atatu, chigawo choyamba chitha m'maulendo awiri. Mmisiri wa matabwa watiuza K25,000 bawo limodzi, ndiye anayi ndi K100,000. Mphoto za opambana atatu tayika K160,000 zonse pamodzi, tenti, mipando ndi zokuzira mawu K120,000, madzi ndi zakumwa K40,000. Zonse zikukwana K420,000. Aliyense wolowa mpikisano alipira K2,000, zomwe zitipatse K64,000, ndipo gulu lasonkha kale K56,000. Zotsala ndi K300,000, ndipo ndi zimenezi zomwe ndalemba m'kalata, poyera, m'ndime yoyamba.

Apa tinakanganapo pang'ono. A tcheya athu, bambo wachikulire amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, amati kutchula ndalama koyambirira n'kupanda ulemu, mlendo sayamba ndi kupempha asanapereke moni. Ndikuwamvetsa. Koma moni wa m'kalata yantchito ndi mzere umodzi basi, ndipo munthu amene ali ndi makalata makumi awiri patebulo akufuna adziwe msanga ngati nkhaniyi ikukwana m'thumba lake. Tinagwirizana pakatikati: ulemu ukhalepo m'mawu, koma chiwerengero chisabisike.

Kayalidwe kake ndi komwe kaja tinaphunzira kusukulu. Keyala ya gulu pamwamba chakumanja, tsiku pansi pake, keyala ya kampani chakumanzere yoyamba ndi udindo wa woilandira. Dzina la bwanayo ndinalifunsa kwa mayi aja, ndipo anandilembera okha papepala kuti ndisalakwitse kalembedwe. Kenako malonje, mutu m'zilembo zazikulu, basi nkhani. Ndime yoyamba yatuluka chonchi:

"PEMPHO LA THANDIZO LA K300,000 PA MPIKISANO WA BAWO WA PA 6 JULAYE

Bwana, ife a gulu la bawo la ku Chinamwali tikupempha kampani yanu kuti itithandize ndi K300,000 pa mpikisano umene tichititse pa 6 Julaye, kuyambira 8 koloko m'mawa. Opikisana akhala 32. Mpikisano wonse ufuna K420,000, ndipo ife tapeza kale njira ya K120,000. Ndondomeko ya ndalamazi taiphatikiza kukalatayi."

Mzere wa K120,000 uja ndimaukonda kwambiri, chifukwa ukusonyeza kuti sitinabwere manja lende.

Ndime imene inandivuta ndi yachiwiri, yonena zomwe kampaniyo ipindule. Poyamba ndinalemba kuti kudzabwera khwimbi la anthu ndipo atolankhani adzajambula. A tcheya anandifunsa kuti mtolankhani wake ndani amene walonjeza. Palibe. Ndinafufuta. Zimene zatsala ndi zomwe tingazikwanitse ndi manja athu: mpikisano udzatchedwa dzina la kampaniyo, chinsalu chawo chidzapachikidwa kutsogolo kwa tenti, dzina lawo lidzalembedwa ndi penti m'mbali mwa mabawo anayi atsopanowo omwe azidzaseweredwa pamsika tsiku lililonse, ndipo woimira kampani ndi amene adzapereke mphoto. Ndawonjezanso kuti ambiri mwa osewera athu ndi amisiri omanga nyumba ndi opala matabwa, omwe ndi anthu ogula simenti ndi misomali. Zimenezi n'zoona, ndawerenga m'kaundula wathu, alipo 13.

Chinthu china chimene ndaphunzira n'kutsegula khomo laling'ono pambali pa lalikulu. Kampani ikhoza kukana K300,000 koma n'kuvomera gawo, ndiye ndalemba kuti ngati zonse sizingatheke, akhoza kutenga mbali ya mphoto yokha kapena ya mabawo, ngakhale kupereka katundu m'malo mwa ndalama. Kwa ogulitsa zomangira, kutulutsa wilibala ndi matumba awiri a simenti ngati mphoto n'kosavuta kusiyana ndi kulemba cheke, ndipo kunena zoona mmisiri wopambana angasangalale ndi wilibalayo.

Za kolandirira ndalama tinatsala pang'ono kulakwitsanso. Msungichuma amafuna tiike nambala yake ya Airtel Money. Kampani imafuna risiti ndi umboni wa komwe ndalama zapita, ndipo nambala ya munthu mmodzi imabweretsa chikayiko. Gulu lathu lilibe akaunti ku banki, choncho talemba kuti akhoza kulipira okha mwachindunji kwa mmisiri ndi kwa eni tenti, ndipo mapepala a mitengo ochokera kwa anthuwa tawaphatikiza. Talonjezanso lipoti la momwe ndalama zayendera, ndi zithunzi, pasanathe masiku 14 mpikisano utachitika.

Kumapeto ndapempha yankho pofika pa 15 Juni, kuti mmisiri akhale ndi masabata atatu osemera mabawo. Tasaina awiri, ine ndi a tcheya, nambala za foni pansi pa mayina, ndipo a mfumu atidindira chidindo chawo pakona kutsimikiza kuti gululi amalidziwa.

Lachiwiri ndinakaipereka ndekha, makope awiri. Mayi aja anadinda tsiku pa kope langa n'kusainira, ndipo anati ndiimbe Lolemba m'mawa bwana asanatuluke. Dzulo ndalemba ina yofanana nayo yopita kwa mwini chigayo wa kuno kwathu, yopempha K40,000 ya zakumwa yokha, kuti mwina akakana uku tisagwire m'mwamba. Imeneyo ndikaipereka mawa ndikamachokera kwa mmisiri, amene akufuna adziwe ngati maenje tikuwafuna akuya ngati a bawo lakale lija.