Tsiku Limene Maule ndi Manoma Anandisankhira Kalembedwe

Azakhali anga amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo popeza kwathu aliyense amene anapondako ku koleji amayesedwa katswiri wa chinthu chilichonse chokhala ndi batire, ntchito yoyendetsa tsamba la Facebook la bizinesi yawo inagwera ine. Malipiro ake anali bandulo ya mwezi ndi nsima ya Lamlungu. Ndinkajambula chitenje, n'kulemba mawu operekeza chithunzicho, ndipo mawuwo ndinkawalemba m'njira zitatu. Ina inali yotchula mtengo mosazungulira: “Chitenje cha mamita awiri, K9,000, tili mumsika wa Limbe, mukhoza kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba.” Ina inali ya nthabwala, imene kunena zoona inkaseketsa ine ndekha, ndipo yachitatu inali ya funso, monga lakuti “Kodi ichi mungavale ku chinkhoswe kapena ku tchalitchi?”

Nditatopa ndi kulota, ndinaganiza zoti manambala ndiwo agamule kalembedwe koyenera kubwereza ndi koyenera kutaya. Mu Meta Business Suite muli gawo lotchedwa Insights, ndipo mmenemo positi iliyonse inkakhala ndi chiwerengero cha Reach, kutanthauza anthu amene positiyo inawafika pa foni, aliyense kumuwerenga kamodzi ngakhale ataiona katatu. Ndinkadziwa kale kuti kuyerekeza malayiki okha n'kudzinamiza, chifukwa positi imene yafika kwa anthu ambiri imapeza malayiki ambiri ngakhale mawu ake atakhala ozizira. Choncho ndinkaphatikiza malayiki, ndemanga ndi chiwerengero cha amene agawira anzawo, n'kugawa ndi Reach, kenako n'kuchulukitsa ndi 100, kuti ndione kuti mwa anthu 100 alionse amene anaona positiyo ndi angati anachitapo kanthu. Masamu amenewa alibe cholakwika, ndipo ndinkawanyadira kwambiri moti ndinawagulira kope lawolawo.

Mapositi otchula mtengo ankafika kwa anthu pafupifupi 600, ndipo ochitapo kanthu ankakhala pafupifupi 18, zimene ndi anthu 3 pa 100. A nthabwala ankathera pa 2. Koma Loweruka lina masana ndinaika chithunzi cha zitenje ziwiri, chofiira ndi chabuluu, n'kulemba kuti: “Chofiira kapena chabuluu? Ndi chiti chikupambana lero?” Pofika usiku foni inali yotentha. Positiyo inafika kwa anthu 9,000, inapeza malayiki 250, ndemanga 600, ndipo anthu 50 anaigawira anzawo. Zonse pamodzi zinali 900, kutanthauza anthu 10 pa 100, kuposa katatu zimene mtengo unkapeza. Ndemangazo sindinaziwerenge. Bandulo inali pafupi kutha, ndiponso munthu wa masamu ngati ine ndinaona kuti kuwerenga ndemanga imodziimodzi ndi ntchito ya anthu osadziwa kugawa.

Mawa lake ndinapita kwa azakhali nditanyamula kope langa. Ndinawafotokozera kuti mapositi anga asanu a funso anapeza 2, 3, 2, 3 ndi 10, kuti zimenezi tikaziphatikiza n'kugawa ndi 5 tikupeza 4, ndipo 4 amaposa 3 wa mtengo, kotero mtengo uyenera kuchoka pa tsamba ndipo funso likhale mfumu. Iwo anamvetsera akupinda nsalu, kenako anati: “Iwe, anthu 9,000 ukuwanenawo ali kuti? Ine dzulo ndagulitsa zitenje zinayi, ndipo chimodzi ndi cha ngongole.” Ndinawayankha modekha, monga mmene amayankhira anthu ophunzira, kuti: “Azakhali, musade nkhawa, anthu amayamba ndi kulankhula kenako amagula, ndipo inu mukaode zofiira ndi zabuluu zambiri msanga, chifukwa msika wayankhula.” Sindidziwa chimene chinawagwira tsiku limenelo, koma anandikhulupirira, ndipo katundu anabwera wochuluka moti benchi yawo inkaoneka patali.

Mwezi wotsatira ndinafunsa mtundu wa Amalawi mafunso ambiri kuposa wapolisi wa pa rodibuloko. Chachikasu kapena chobiriwira? Cha maluwa kapena cha mizere? Reach inabwerera kwawo, kwa anthu 500 kapena 600, ndipo ndinaganiza kuti vuto linali lakuti mafunso anga anali aulemu kwambiri. Ndinayamba kulemba kuti “Lembani INDE ngati mumakonda mayi anu” ndi “Tchulani mnzanu amene alibe chitenje chabwino,” ndipo manambala anatsikiratu. Pambuyo pake ndinamva kuti mu Disembala 2017 a Facebook analengeza kuti ayamba kutsitsa mapositi opempha anthu poyera kuti alayike, alembe liwu linalake kapena atchule anzawo, kotero ndinali kukumba dzenje limene eni Facebook anali atalizindikira kalekale. Funso lofuna maganizo enieni a munthu silili m'gulu limenelo, koma INDE wanga analimo kwathunthu.

Chimene chinandichedwetsa kudzidzimuka n'chakuti ndemanga zina zinkabwerabe. Pansi pa positi iliyonse pankakhala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi olemba liwu limodzi lokha lakuti “Zingati?” Ine ndinkawayankha kuti abwere ku inibokisi, iwo ankabwezera kuti “Tangonenani pompano,” ndipo madzulo ndinkaziwerengera zonsezo m'kope langa, mayankho anga omwe, monga umboni wakuti funso likukopa anthu. Anthu anali kudandaula kuti ndabisa mtengo, ine n'kumalemba madandaulo awo m'danga la chipambano.

Nkhani inaphulika pa nsima ya Lamlungu. Msuweni wanga, amene amakonda mpira kuposa ndiwo, anatenga foni yanga kuti aone positi yotchukayo, ndipo atangoona tsiku lake anayamba kuseka mpaka kutsamwa. Loweruka limenelo kunali masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo aliyense mu Blantyre, kupatula ine, amadziwa kuti Maule amavala zofiira pamene Manoma amavala zabuluu. Ine ndinali nditafunsa mzinda wonse, patangotsala pang'ono kuti mpira uyambe, kuti chikupambana lero ndi chiti. Msuweniyo anaimirira n'kuyamba kuwerenga ndemangazo mokweza ngati akulengeza za chopereka: “Neba walira lero.” “Neba bwera udzatenge mpango wopukutira misozi.” “Oyimbira uja ndi wanu.” Anatsika nazo kwa nthawi yaitali osapeza ngakhale imodzi yotchula nsalu, ndipo zambiri zinali za anyamata ochepa omwewo, amene ankabwezerana mawu mpaka pakati pa usiku. Chiwerengero cha ndemanga sichisiyanitsa anthu 600 olemba kamodzi ndi anthu ochepa olemba kambirimbiri, ndipo ambiri mwa malayiki anga 250 anali a nkhope yoseka ya Haha.

Azakhali sanakweze mawu. Anatuma mwana kuti akatenge buku lawo la malonda, lija la chikuto cholimba, limene ine ndinkaliona ngati lachikale. Zinapezeka kuti munthu aliyense akagula atayamba waimba foni kapena kulemba pa WhatsApp, iwo ankamufunsa kumene waona chitenjecho, ndipo akanena kuti pa Facebook ankaika kanyenyezi pambali pa dzina la nsaluyo. Titayerekeza masiku, positi ina yotchula mtengo, imene inafika kwa anthu 600 okha, inali itabweretsa mauthenga 12 ndipo anthu 7 anagula. Positi ya anthu 9,000 inabweretsa mauthenga awiri: wina ankafunsa ngati tili ndi majezi, ndipo wina ankafuna kudziwa amene wagoletsa. M'mwezi wa mafunso, tinyenyezi tinkasowa tsamba ndi tsamba. “Ndiye ukuti msika unayankhula?” anatero azakhali. “Unayankhuladi, koma sunkayankhula ndi ife.”

Msuweni uja, amene masamu anakhoza bwino kuposa ine ngakhale sanawagulire kope, anandisonyezanso pamene 4 wanga anachokera. Anandiuza kuti ndindandalike manambala asanu aja kuyambira laling'ono, 2, 2, 3, 3, 10, ndipo nditenge la pakati. La pakati linali 3, lofanana ndendende ndi la mtengo. Nambala imodzi yonenepa inali itakoka zinzake zonse, ndipo ikachotsedwa, funso silinkaposa mtengo ngakhale pa muyezo wanga womwe wa malayiki ndi ndemanga. Tsiku limenelo zinthu zitatu zinali zitasintha nthawi imodzi, mawu, mitundu ya nsalu ndi tsiku lenilenilo, koma ine ulemu wonse ndinaupereka kwa mawu chifukwa ndiwo ndinalemba ndekha.

Popeza bandulo yanga inali itaimitsidwa, ndinachita kupempha mwayi woyesanso, ndipo ulendo uno malamulo anaika ndi azakhali ndi mwana wawo. Mapositi onse ankatuluka Lachitatu nthawi ya 7 koloko madzulo, zithunzi zinkajambulidwa pamalo amodzi ndi kuwala kofanana, ndipo batani la Boost post linaletsedwa, chifukwa positi yolipiridwa imafika kwa anthu ena osiyana ndi otsatira tsamba ndipo siyingayerekezedwe ndi yosalipiridwa. Kalembedwe tinkasinthanitsa sabata ndi sabata, ndipo tinaonetsetsa kuti mtundu uliwonse upezeko kumapeto kwa mwezi, pamene anthu alandira, komanso pakati pa mwezi, pamene ngakhale chitenje chokongola chimangoyamikiridwa. Tinadikira kuti mtundu uliwonse ukhale ndi mapositi angapo tisanagamule, tinkatenga nambala ya pakati, ndipo m'kope langa munawonjezedwa madanga awiri: mauthenga ofunsa za nsalu, ndi tinyenyezi ta m'buku la azakhali. Ndemanga iliyonse ndinkaiwerenga ndi maso anga, ndipo mayankho anga sankalowanso m'chiwerengero.

Chigamulo chinatuluka chosadabwitsa aliyense kupatula ine. Nthabwala zinatayidwa, INDE anatayidwa, ndipo mtengo unabwerera pa mzere woyamba, kuti uoneke munthu asanadine See more. Funso linapulumuka pang'ono, chifukwa likakhala la nsalu yeniyeni ndipo likabwera pambuyo pa mtengo, linkathandiza azakhali kudziwa maluwa amene anthu akuwafuna asanakaode. Tisanaike positi ya mitundu iwiri, msuweni wanga amayamba waona ndandanda ya masewero a sabata imeneyo.

Zitenje zofiira zinatha pang'onopang'ono, koma zabuluu zinakana kwa nthawi yaitali, mpaka azakhali anagamula kuti amene anamva msika ukuyankhula ndiye azigule. Anazidula ku bandulo yanga mwezi ndi mwezi, ndipo telala wa pafupi ndi benchi yawo anandisokera makatani, nsalu ya pabedi ndi malaya awiri. Anzanga akabwera kunyumba amayang'ana uku ndi uku n'kundifunsa kuti ndinayamba liti kuchemerera Manoma, ndipo wina anandibweretsera kale mpango wa timuyo pa tsiku langa lobadwa.