Zimene kutsika kwa kwacha kunaphunzitsa sitolo yathu ya ku Lizulu

Mwezi uno tatsegula sitolo yachiwiri ya zipangizo za ulimi pa boma la Ntcheu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze vuto limene linatsala pang'ono kutigwetsa tili ndi sitolo imodzi yokha ku Lizulu.

Mawerengero athu timalemba mu Excel, ndipo Loweruka lililonse madzulo timadina Refresh All kuti lipoti litenge malonda atsopano ndi mitengo ya tsikulo. Kumapeto kwa Okutobala 2023 tinapereka lipoti kwa obwereketsa ndalama ena, losonyeza matumba 120 a feteleza pa K70,000 thumba limodzi, zonse pamodzi K8,400,000. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wathu unafika pa K95,000. Obwereketsa aja atapemphanso lipoti la Okutobala lomwelo, kompyuta inachulukitsa matumba akale aja ndi mtengo watsopano n'kutulutsa K11,400,000, chifukwa tinali ndi ndandanda imodzi yokha ya mitengo, ndipo mtengo wakale unali utafufutika. Anthu amene tinawabwezera ngongole ziwiri osachedwa ngakhale tsiku limodzi anatiyang'ana ngati akuba, ndipo ndalama zoodera katundu wa dzinja limenelo anatimana.

Kuyambira pamenepo, tikangomaliza Refresh All timasunga katundu, malonda ndi mitengo ya tsikulo m'mafayilo a CSV, amene amasunga manambala okha popanda mafomula. Kukopera fayilo ya Excel sikokwanira, pakuti wina akaitsegula n'kudina Refresh All manambala amasinthanso. Dzina la fayilo limayamba ndi chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2024-03-16_mitengo.csv, kuti mafayilo azindandalikana okha motsatira nthawi. Chiwonkhetso cha tsikulo timachilembanso pamanja m'kaundula, kotero kuti chikasiyana ndi cha m'fayilo timadziwa kuti wina wakhudzapo. Fayilo yosungidwa sitiikonza. Tikapeza cholakwa timapanga ina yokhala ndi _v2 kumapeto n'kulemba chifukwa chake, popeza lipoti limene tinapereka kwa munthu linachokera mu yoyamba ija, ndi cholakwa chake chomwe. Mafayilo onse amakhala pa fulashi komanso pa Google Drive.

Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene asunga kaundula uja mosadumphitsa Loweruka ngakhale limodzi, mlamu wanga amene anagulitsa mbatatesi yake n'kutibwereka ndalama chaka chovuta chija, anyamata a m'sitolo amene amadikira mpaka mdima kuti tiwerenge matumba, ndiponso alimi a ku Tsangano ndi ku Mlangeni amene sanatitaye mashelefu athu ali opanda kanthu.

Magulu a alimi amene mumatenga katundu pa ngongole, bwerani ku sitolo iliyonse mwa ziwirizi. Mukafunsa mtengo wa sabata imene munatenga feteleza, tidzakutsegulirani fayilo ya sabatayo muli pomwepo. Mbewu ya chimanga, NPK ndi Urea zafika kale.